Lendi ya Mwezi Uti?

Mwezi ukatha m'mapuloti a ku Ndirande, ku Chinsapo kapena ku Chibavi, kugogoda kwa eninyumba sikusowa. Ngakhale ana amakudziwa. Mumatuluka mutafumbata ndalama zija, mupatsana moni, mufunsana za matenda ndi za mvula, kenako muwambatitsa. Iwo amawerenga atatembenukira kukhoma, nkuti zikomo, nkupita pa chitseko chotsatira. Masiku ano ambiri sagogodanso nkomwe. Amangoimba foni kuti, "Mungoponya pa nambala yanga ija," inu nkudina `*211#` kapena `*444#`, foni nkulira, basi lendi yapita.

Funso lomwe ndikufuna tilingalire ndi ili: patapita miyezi isanu ndi umodzi, wina atakufunsani kuti ndalama munapereka tsiku lija inali ya mwezi uti, mungaloze chiyani?

Ambiri amene amalipira pafoni amayankha molimba mtima kuti, "Meseji ndili nayo." Ndi zoona, ndipo mesejiyo si yachabe. Lamulo lathu la 2016 loona za zochitika pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti limavomereza kuti uthenga wa pafoni kapena pa kompyuta ungakhale umboni, ndipo khothi silingaukane chabe chifukwa choti suli papepala. Koma tawerengani bwino meseji yomwe Airtel Money kapena TNM Mpamba imakutumizirani. Imanena kuti ndalama zakuti zachoka pa nambala yanu kupita pa nambala yakuti, tsiku lakuti, ndipo imapereka nambala yodziwira kutumizako. Imathera pomwepo. Siyinena kuti ndalamayo ndi lendi. Siyinena mwezi. Siyinena ngati yakwana kapena yaperewera. Ndipo mikangano yambiri ya lendi imene ndaimvapo simayambira pa funso lakuti kodi ndalama inatumizidwa. Imayambira pa zinthu zitatu zomwe mesejiyo ili chete.

Tiyerekeze nkhani imodzi

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, koma cha mtundu umene mfumu iliyonse ya m'tauni inaweruzapo. Mayi wogulitsa kaunjika wapeza nyumba ya zipinda ziwiri, lendi yake K80,000 pamwezi. Walowa pa 1 Januwale. Monga mwa chizolowezi, eninyumba amuuza kuti apereke ya miyezi itatu, ndipo iye wapereka K240,000 pamanja, mwamuna wake ali pompo. Palibe chimene chalembedwa. M'mutu mwa mayiyu, walipira Januwale, Febuluwale ndi Malichi. M'mutu mwa eninyumba, walipira Januwale ndi Febuluwale, ndipo K80,000 yachitatuyo ndi dipoziti, ndalama yachikole yodzakonzera zimene angawononge. Onse awiri agona mtima uli m'malo, osadziwa kuti asiyana kale ndi mwezi wathunthu.

Mu Epulo mayiyu atumiza K82,000 pafoni, ndiye kuti lendi ndi K2,000 yotapira. Mu Meyi geni siyinayende, atumiza K50,000, ndipo patapita sabata apereka K30,000 yotsalayo kwa mwana wa eninyumba amene anabwera kudzaona za madzi. Mu Juni mpope unaphulika. Eninyumba anati pafoni, "Ingokonzetsani, tidzaona," ndipo pulambala pamodzi ndi zipangizo anadya K15,000, motero mayiyu anatumiza K65,000. Mu Julayi analibe ndalama mufoni, anapita kwa ejenti wa pamsika, nkumupatsa K80,000 kuti aike mwachindunji pa nambala ya eninyumba. Mu Ogasiti eninyumba anati foni yawo yagwa m'madzi, ndalama ipite pa nambala ya alamu awo.

Mu Sepitembala mayiyu anena kuti akufuna kusamuka. Eninyumba atulutsa kope lawo nkuti ngongole yake ndi K205,000.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Miyezi isanu ndi itatu pa K80,000 ndi K640,000, ndipo mayiyu akawonkhetsa zimene anatulutsa m'thumba mwake, kupatula yotapira ija, zikukwana ndendende. Eninyumba akuwerenga mwina. Malichi sanalipiridwe, K80,000. Ya Meyi inaperewera K30,000, chifukwa mwana uja sanafike nayo kunyumba, kapena anafika nayo iwo nkuiwala. Ya Juni inaperewera K15,000, chifukwa iwo akuti "tidzaona" sikutanthauza kuti dulani pa lendi. Ya Julayi, K80,000, akuti sakuiona. Mufoni mwawo munalowadi ndalama zotero mwezi umenewo, koma mesejiyo inkasonyeza ejenti, osati dzina la mayiyu, ndipo iwo amalandiranso ndalama kuchokera kwa alendi ena asanu ndi kwa mwana wawo wa ku Joni. Ya Ogasiti yokha ndiyo akuivomera, poti alamu awo ndi munthu wachilungamo.

Nanga mayiyu ali ndi chiyani m'manja? Mufoni mwake muli mameseji atatu osonyeza ndalama zopita pa nambala ya eninyumba: K82,000, K50,000 ndi K65,000. Pa K640,000 yonse ija, imene foni yake ikuichitira umboni wachindunji ndi K195,000 basi. Ndipo ngakhale pa imeneyi pali msampha. Eninyumba anganene kuti ndalama ya mu Epulo ija anaiwerengera pa Malichi, ya mu Meyi pa Epulo, choncho mpaka mmunsi, moti mayiyu wakhala wotsalira ndi mwezi umodzi chilowereni.

Zindikirani kuti m'nkhani yonseyi mulibe wakuba. Ndikunena izi chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti lisiti ndi chida chotetezera kwa landilodi wachinyengo, motero akaona kuti awo ndi munthu wopemphera, amaona ngati kupempha lisiti nkuwanyoza. Komatu alandilodi ambiri a m'makomboni athu si akampani. Ndi gogo amene anamanga timanyumba tisanu ndi ndalama ya penshoni, ndipo maakaunti ake onse ali m'mutu.

Chimene malamulo amanena

Pali mfundo zitatu za malamulo zimene wolipira lendi aliyense ayenera kuzidziwa, ndipo zonse zikuoneka m'nkhani ya mayi uja.

Yoyamba ndi yowawa. Pa mlandu wa ngongole, zikadziwika kuti munkakhala m'nyumbamo ndipo lendi inali yakuti, udindo wosonyeza kuti munalipira umagwera inu. Eninyumba safunika kutsimikiza kuti sanalandire, pakuti nanga munthu angasonyeze bwanji chinthu chimene sichinachitike? Mlandu wotere suli ngati wakuba kapena wakupha, umene umafuna umboni wosasiya chikaiko. Majisitireti amangoyeza kuti nkhani ya ndani ikumveka yoona kuposa ya mnzake. Ndiye mukaimirira ndi mawu okha, mnzanu ali ndi kope ngakhale lolembedwa ndi pensulo, sikelo imapendekera kwa iye. Mboni imathandiza, koma mwamuna wa mayi uja akanena kuti anaona K240,000 ikuperekedwa, sakuthetsa kanthu, chifukwa palibe akukana kuti inaperekedwa. Akukangana pa tanthauzo lake.

Yachiwiri ndi imene anthu ochepa amaidziwa. Mukakhala ndi ngongole zingapo kwa munthu mmodzi, inu wolipira muli ndi ufulu wonena, pa nthawi imene mukulipira, kuti ndalama iyi ndi ya ngongole yakuti. Mukapanda kunena, ufulu wosankha umapita kwa wolandirayo. Nchifukwa chake eninyumba aja akutha kusuntha ndalama ya Epulo kupita pa Malichi, kapena kuiwerengera pa bilu yamadzi imene mukukanganirana. Mawu atatu okha, "lendi ya Epulo," olembedwa tsiku lomwelo, akanatseka khomo limeneli. Akanachitanso china chofunika kwambiri: eninyumba akanadabwa tsiku lomwelo nkufunsa kuti, "Epulo bwanji, nanga Malichi?" Mkangano wa dipoziti ukanabuka mu Epulo anthu akadali kukumbukira zimene anagwirizana, osati mu Sepitembala katundu ali kale m'matumba.

Yachitatu ikukhudza munthu wolandira. Kulipira mwana, mlamu, mlonda kapena woyang'anira puloti kumathetsa ngongole yanu pokhapokha ngati eninyumba anamupatsa munthuyo mphamvu yolandira, kapena ngati avomereza pambuyo pake. Mayi uja anapulumuka pa ya Ogasiti chifukwa alamu anavomera. Pa ya Meyi, palibe chosonyeza kuti mwana uja anatumidwa kudzatenga ndalama.

Lisiti labwino limanena chiyani

Lisiti silifuna chidindo cha kampani kapena pepala losindikizidwa. Tsamba lothothola m'kope ya mwana wasukulu limakwana, bola likhale ndi zofunika. Ya Meyi ija ikanalembedwa motere: "Lero pa 5 Meyi ndalandira K50,000 kuchokera kwa mayi akuti, kudzera pa Airtel Money, monga gawo la lendi ya Meyi ya nyumba yachitatu papuloti yanga ku Chinsapo. Yatsala K30,000." Pansi pake dzina lonse la wolandira ndi siginecha yake, ndipo pa tsikulo alembe ndi chaka chomwe.

Pa zonsezi, mizere iwiri ndiyo imanyamula katundu: mwezi ndi yotsala. Ndaonapo malisiti ambiri okongola, ochokera m'mabuku ogula ku sitolo, olembedwa kuti "lendi" basi, tsiku lili pamwamba. Lisiti lotero limangobwereza zimene meseji inanena kale. Tsiku lolipira si mwezi wolipiridwa. Munthu wolipira pa 28 Juni angakhale akulipira Juni mochedwa kapena Julayi mofulumira, ndipo pepala likapanda kunena, aliyense adzaliwerenga mokomera iye mwini. Yotsalayo nayo ilembedwe ngakhale palibe chotsala. Mawu oti "palibe yotsala" pa lisiti la Ogasiti amaphimba miyezi yonse yam'mbuyo, moti ngakhale malisiti akale atadyedwa ndi chiswe, limodzi lomalizalo likuyankhirani.

Ndalama ilembedwe m'manambala ndi m'mawu omwe, chifukwa nkosavuta kuti 30,000 asanduke 80,000 ndi kachizindikiro kamodzi ka cholembera, ndipo apa amene akutetezedwa ndi eninyumba. Yotapira ilembedwe payokha, kuti pasadzakhale wonena kuti ma K2,000 a mwezi ndi mwezi aja anali kuchotsera pa ngongole. Zokonzetsa nazonso zikhale ndi mzere wake: "Lendi ya Juni K80,000, yalipiridwa K65,000 pafoni ndi K15,000 yokonzera mpope, monga tinagwirizana." Koma pa nkhani ya zokonzetsa, pepala lofunika kwambiri ndi lija lolembedwa ntchito isanayambe. Meseji yochokera kwa eninyumba yonena kuti "konzetsani, mudule pa lendi" imaposa malisiti onse a pulambala.

Lisiti la tsiku lolowa ndiye mfumu ya onse. Ndalama yoyamba imakhala yambiri, imaperekedwa mwachangu poopa kuti wina angalande nyumbayo, ndipo nthawi zina imadutsa m'manja mwa munthu amene anakupezerani nyumba, amenenso akufuna yake. Pa pepala limenelo pagawidwe bwino: yakuti ndi lendi ya miyezi yakuti ndi yakuti, yakuti ndi dipoziti yodzabwezedwa potuluka. Ngati palibe dipoziti, palembedwe kuti palibe.

Njira imene ine ndimaikonda kuposa malisiti amodziamodzi ndi ya kope. Wolipira amagula kope laling'ono, nkujambula mizere: tsiku, mwezi wolipiridwa, ndalama, njira yolipirira, yotsala, siginecha ya wolandira. Mwezi uliwonse mzere umodzi. Ubwino wake ndi woti miyezi imaonekera motsatizana, ndipo mwezi ukadumphidwa diso limaona nthawi yomweyo. Kopelo lizikhala kwa wolipira, poti ndiye amene adzafunsidwe umboni. Alendi ena amakhutira akaona landilodi akulemba m'kope lake, koma kope limene limagona kwa mnzako pa tsiku la mlandu ndi mboni yake, si yako. Ngati onse awiri ali ndi makope, aliyense asayine m'la mnzake. Buku la malisiti lokhala ndi kaboni limachita ntchito yomweyi: lapamwamba kwa wolipira, lapansi litsale m'buku. Eninyumba akakhala osatha kulemba, lembani inu, muwawerengere mokweza pamaso pa munthu wina amene iwo amamukhulupirira, adinde chala, mboniyo isayine.

Za pafoni

Kulipira pafoni kunabwera ndi mpumulo weniweni. Chiyambire pamene Airtel Money inafika mu 2012 ndi Mpamba chaka chotsatira, munthu wa ku Mzuzu amatha kulipira landilodi wokhala ku Zomba osakwera basi. Koma pamene palibe kukumana, palibenso wosayina m'kope. Chofunika apa ndi kupanga lisitilo ndi mameseji awiri. Mukangotumiza ndalama, lembani meseji kapena uthenga wa pa WhatsApp: "Bambo, ndatumiza K80,000 pa nambala yanu, ndi lendi ya Epulo, palibe yotsala. Chonde mundiyankhe kuti yafika." Muikemo nambala yodziwira kutumizako imene ili mu meseji ya kampani. Iwo akayankha kuti "ndalandira, zikomo," yankholo lili pansi pa mawu anu otchula mwezi, ndipo zonse ziwiri pamodzi ndi chivomerezo cholembedwa. Akaimba foni m'malo molemba, monga amachitira akuluakulu ambiri, lembaninso kuti, "Zikomo poimba kutsimikiza kuti lendi ya Epulo yafika." Meseji yosayankhidwa siyolimba ngati yoyankhidwa, komabe inalembedwa tsiku lomwelo mkangano usanayambe, ndipo munthu amene anailandira nkukhala chete miyezi isanu amavutika kufotokoza chifukwa chimene sanatsutsire.

Tumizani kuchokera pa nambala yanu, yolembetsedwa m'dzina lanu. Kuyambira 2018 simukhadi iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, koma alipo ambiri amene akugwiritsabe ntchito nambala yolembetsedwa m'dzina la mchemwali kapena la mnzawo. Tsiku limene mudzafune sitetimenti ku ofesi ya kampani ya foni, adzafuna mwini nambala ndi chitupa chake cha unzika. Sitetimenti imeneyi ndiyo pothawira foni ikabedwa kapena mameseji akafufutika. Kafoni ka mabatani kamadzaza msanga, ndipo mwana woseweretsa foni sasankha chofufuta. Sitetimenti yaifupi imene mumaiona podina manambala aja imangosonyeza zochitika zochepa zomalizira, sifika miyezi yam'mbuyo.

Njira ya Julayi ija, yopatsa ejenti ndalama kuti aike pa nambala ya eninyumba, ndiyo yofooka kuposa zonse. Anthu amaikonda chifukwa imapewetsa ndalama yotumizira, koma pa makina a kampani dzina lanu silioneka paliponse. Chimene chimaoneka ndi ejenti ndi wolandira. Maejenti ambiri amalemba m'buku lawo, koma kukapeza tsamba la miyezi itatu yapitayo pa kabenchi ka pamsika, mwina ejentiyo atasamuka kale, si ntchito yamasewera. Ngati palibe kuchitira mwina, lembani nambala yodziwira kutumizako musanachoke pabenchipo, nkuitumiza kwa eninyumba nthawi yomweyo. Koma chabwino ndi kuika ndalamayo mufoni mwanu kaye, kenako nkutumiza nokha.

Za kusintha nambala ndiye samalani kawiri. Meseji yoti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" aliyense m'dziko muno anailandirapo, ndipo akathyali amadziwa kuti kumapeto kwa mwezi pafupifupi aliyense ali ndi "ndalama ija" yoti atumize. Eninyumba akati mutumize kwa wina, mumve ndi pakamwa pawo, ndipo alembe kuchokera pa nambala yawo yodziwika kapena papepala kuti lendi ya mwezi wakuti ipite kwa wakuti. Musanadine nambala yanu yachinsinsi, onani dzina limene likutuluka. Eninyumba nawonso ali ndi chifukwa chochenjerera, pakuti mameseji abodza onamizira kuti ndalama yalowa alipo. Asavomereze kuti alandira asanaone balansi yawo. Ndiye akachedwa pang'ono kuyankha, musawaone ngati akuzemba.

Olipira kubanki kapena pa Mo626 ali ndi mwayi woposa, chifukwa nthawi zambiri pamakhala malo olembapo chifukwa cha malipirowo. Lembanipo mwezi ndi nyumba. Timapepala totuluka m'makina timafufutika tokha pakapita miyezi, makamaka tikakhala padzuwa kapena m'chikwama, choncho tijambuleni tsiku lomwelo.

Kupempha kwake

Zonsezi nzosavuta kulemba m'magazini. Chovuta ndi kuima pakhomo, pamaso pa munthu wamsinkhu wa bambo ako amene anakuchitira chifundo mwezi umene unachedwa, nkunena kuti asayine. Kwathu kuno kupempha cholembedwa kumamveka ngati kunena kuti sindikukhulupirirani. Komanso nyumba nzosowa, ndipo wolipira amadziwa kuti akatchedwa wovuta, pali anthu khumi akudikira chipinda chomwecho.

Nthawi yabwino yoyambira ndi tsiku lolowa, pamene palibe mbiri iliyonse pakati panu ndipo ndalama ikadali m'manja mwanu. Munthu amene akuona K240,000 patebulo sakana kugwira cholembera. Muzibwera ndi kope lolembedwa kale, kuti iwo angosayina. Ndipo cholakwa chiikeni pa inu mwini: "Bambo, ine mutu wangawu ndi woiwalaiwala, ndiye ndagula kakope aka kuti ndisamasokoneze miyezi. Mungondisayinira apa." Kapena, "Mayi, ndalamazi timasonkherana ndi achimwene, ndiye amafuna aziona kuti zafika." Kwa amene mwakhala nawo zaka popanda cholembedwa, yambani ndi mzere umodzi wotseka zakale: kufika mwezi uno palibe ngongole, kapena yatsala yakuti. Mzere umenewu ukabweretsa mkangano, ndiye kuti mkanganowo unalipo kale, umangodikira tsiku losamuka.

Ena amakanabe, ndipo ndi bwino kumvetsa chifukwa chake. Pali oopa kuti pepala lidzafika ku bungwe lotolera misonkho la MRA, poti ndalama ya lendi ndi phindu loyenera msonkho. Pali ochita manyazi ndi kulemba. Pali woyang'anira puloti amene amalandira K80,000 nkukapereka K70,000 kwa mwini wake, ndipo uyu ndiye amakana mwaukali kuposa onse. Wokana chifukwa cha manyazi mungamuthandize ndi chidindo cha chala. Wokana popanda chifukwa chomveka, mulekeni kumulipira pamanja. Lipirani pafoni kapena kubanki, nkutumiza meseji yotchula mwezi, kuti umboni upangike ngakhale iye asakufuna. Chimene simuyenera kuchita ndi kuleka kulipira ponena kuti mpaka atapereka lisiti. Mukatero ngongoleyo imakhala yeniyeni, ndipo mwamupatsa chifukwa chokutulutsirani.

Pali chifukwa chinanso chimene chimagwira mtima ngakhale landilodi wouma mutu, ngakhale kuti chimafuna kuchinena mosamala. Mgwirizano wapakamwa umakhala ndi moyo pamene awiri amene anagwirizanawo ali moyo. Eninyumba akamwalira, kapena akagulitsa puloti, kapena akadwala nkusiyira ana, amene amabwera pakhomo panu ndi munthu amene sanamvepo za mpope uja kapena za miyezi itatu imene munalipiriratu kuti gogo apite kuchipatala. Nthawi zina amabwera awiri, mkazi wamasiye ndi mphwake wa malemu, aliyense akuti lendi izipita kwa iye. Zikafika apa, musalipire wofuula kwambiri. Pemphani kuti banjalo likupatseni cholembedwa chonena amene azilandira, kapena muone kalata ya kukhothi yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu, ndipo ndalamayo muisunge osaidya kufikira zitamveka. Kope lija limathandizanso ana amasiyewo, chifukwa limawauza amene analipira ndi amene ali ndi ngongole kwa bambo awo.

Lisiti lili ndi malire ake. Silinena kuti lendi idzakwera liti, notisi ndi ya masiku angati, kapena amene azilipira bilu yamadzi pa mita imene mabanja asanu akugawana. Zimenezo ndi za mgwirizano wa nyumba, umene ndi pepala lina. Komabe pamene palibe mgwirizano wolembedwa, mndandanda wa malisiti ndiwo umasonyeza kuti lendi inali zingati ndipo inakwera mwezi uti, zimene zakhala zofunika kwambiri chitsikireni mphamvu ya kwacha mu 2022 ndi mu 2023, pamene malendi ambiri anasinthidwa ndi mawu apakamwa chabe.

Mkangano ukabuka, ambiri amayamba kwa mfumu ya dera kapena kwa akuluakulu a mpingo, ndipo zikakanika amapita kukhothi la majisitireti. Kulikonseko, wobwera ndi mapepala osanjidwa mwezi ndi mwezi amamveka msanga. Musataye malisiti mutangosamuka. Akulu anati mlandu suwola, ndipo lamulo limapatsa munthu zaka zisanu ndi chimodzi zoti asumire ngongole ya mtundu uwu.

Pa tsiku lotuluka pamafunika pepala lomaliza, ndipo ndi limene ambiri amaliiwala chifukwa maso ali pa galimoto yonyamula katundu imene ikuwerengera nthawi. Yendani m'nyumbamo pamodzi ndi eninyumba, muone magalasi, maloko ndi makoma, muwerenge mita yamadzi. Kenako alembe kuti alandira makiyi pa tsiku lakuti, lendi yonse yalipiridwa kufika mwezi wakuti, dipoziti yabwezedwa yakuti, ndipo ngati adulapo, adulapo zingati pa chiyani. Makiyiwo muwapereke atatha kusayina.